Mazira Timawerenga, Ufa Timayeza: Nkhani ya *Less* ndi *Fewer*

Mukaima pa benchi ya mayi wogulitsa mazira n'kunena kuti mukufuna mazira, adzakufunsani kuti, "Angati, bambo?" Mukasuntha pang'ono kufika pa mnzake wogulitsa ufa woyera, funso limasintha. Sanganene kuti "ufa ungati". Amafunsa kuti, "Mbale zingati?" kapena "Wa ndalama zingati?" Palibe amene anawaphunzitsa amayi awiriwa lamulo limeneli m'kalasi, koma salakwitsa ngakhale tsiku limodzi. Mazira amawerengedwa limodzilimodzi. Ufa suwerengedwa, umayezedwa, ndipo chomwe timawerenga ndi mbale, ndowa kapena thumba lomwe ufawo walowamo.

Ndayamba ndi kumsika chifukwa mawu awiri a Chingerezi amene amapunthwitsa anthu ambiri, *less* ndi *fewer*, amayendera kusiyana komweku. Onse awiri amatanthauza kucheperapo poyerekeza ndi china. *Fewer* amapita ndi mayina a zinthu zowerengeka, monga mazira, ana, mbuzi ndi masiku. *Less* amapita ndi mayina a zinthu zoyezedwa, monga ufa, madzi, mchere ndi mvula. Ngati lero mwagula mazira ocheperapo kusiyana ndi dzulo, mwagula *fewer eggs*. Ngati ufa ndiwo wachepa, mwagula *less flour*. Lamulo lonse ndi lomwelo, ndipo lingakwane pa chikhatho. Chovuta n'chakuti tidziwe bwanji dzina lomwe Chingerezi chimaliwerenga ndi lomwe chimaliyeza, pakuti apa m'pamene maso athu ndi chilankhulo chathu zimatha kutisocheretsa.

Tiyambe ndi chifukwa chimene ife olankhula Chichewa timaphonyera. Pa chilankhulo chathu tsinde limodzi la *-chepa* limagwira ntchito ponseponse: anthu ochepa, madzi ochepa, mbuzi zochepa, ufa wochepa. Chimasintha ndi kachiyambi kogwirizana ndi gulu la dzinalo basi. Ndiye munthu akaphunzira kuti kuchepa ndi *less*, amangowanyamula mawuwo kupita nawo kulikonse, n'kulemba *less people*, *less cars*, *less pupils*. Chingerezi chenichenicho chimamulimbitsanso mtima, chifukwa mbali ya kuchuluka chili ndi mawu amodzi okha. *Many* ndi *much* akafuna kuyerekeza amakumana pa *more*, motero timati *more eggs* komanso *more flour* popanda kusankha. Koma mbali ya kuchepa njira ndi ziwiri: *few* amabala *fewer* ndi *fewest*, pamene *little* amabala *less* ndi *least*. Wophunzira amene waona kuti *more* amakwanira paliponse sachita chopusa poganiza kuti *less* nayenso ndi wotero.

Komatu kusiyanitsa zowerengeka ndi zoyezedwa si kwachilendo kwa ife. Tili nako, kungoti kumakhala m'mawu ena. Taonani *-ngati* ndi *-ngapo*. Timati ana angati, nyumba zingapo, mitengo ingapo. Sitinena kuti madzi angapo, mchere ungapo kapena utsi ungati. Khutu limakana lokha. Choncho poyambira pabwino ndi apa: ngati pa Chichewa mungafunse ndi *-ngati*, nthawi zambiri pa Chingerezi mudzafuna *fewer*, ngati muyenera kufunsa kuti "wochuluka bwanji", mudzafuna *less*. Ndanena kuti nthawi zambiri, osati nthawi zonse, ndipo m'malo momwe muyeso umenewu umalephera ndi momwe muli nkhani yeniyeni.

Tengani ndalama. Pa Chichewa timafunsa kuti "ndalama zingati", ndipo ndani angakane kuti ndalama zimawerengedwa? Wogulitsa aliyense amaziwerenga madzulo asanatseke. Koma pa Chingerezi dzina loti *money* ndi loyezedwa, ngati madzi. Simunganene *three moneys* pogula ndiwo. Mumati *less money*, ndipo mukafuna kuwerenga mumawerenga makobidi kapena mapepala ake: *fewer coins*, *fewer notes*. Apa tikuona kuti chimene chimagamula si chinthucho mmene chilili m'manja mwathu, koma dzinalo mmene chilankhulo chinalizolowerera. Mpunga ndi nyemba zonse ndi timbewu tating'ono, zonse timagula pa mbale, palibe amene amakhala pansi kuwerenga nyemba za mumphika. Koma Chingerezi chimati *less rice* ndi *fewer beans*. Chimanga ndi *less maize*, mtedza ndi *fewer groundnuts*, ngakhale kuti kwa ife mtedza timaunena ngati chinthu chimodzi chochuluka, "mtedza wacha", "mtedza wachepa chaka chino". Palibe nzeru yobisika imene ingakuuzeni chifukwa chake nyemba zinagwera uku ndipo mpunga unagwera uko. Ndi chizolowezi cha eni chilankhulo.

Chizolowezicho chimathanso kusintha. Timbewu tobiriwira ta m'gulu la nyemba tija ambiri timati nsawawa, kale pa Chingerezi tinkatchedwa *pease*, dzina lonena mbewu yonse pamodzi monga mmene *rice* alili lero. Chifukwa mawuwo amamveka ngati akuthera ndi *s* wosonyeza zambiri, anthu a m'zaka za m'ma 1600 anayamba kuganiza kuti kambewu kamodzi ndi *pea*. Mbewu sinasinthe, m'munda simunasinthe, koma dzina linachoka ku zoyezedwa kupita ku zowerengeka, ndipo lero amati *fewer peas*.

Ndiye muyeso wodalirika uyenera kuchitikira m'Chingerezi momwemo. Tengani dzinalo, ikani nambala patsogolo pake popanda mawu ena pakati, mumve ngati zikumveka. *Two eggs*, *five bags*, *ten teachers*: zikutheka, choncho ndi *fewer*. *Two sugars* ponena shuga wa m'thumba, *five sands*, *ten rains* ponena kuchuluka kwa mvula: sizikutheka, muyenera kubwereka choyezera monga *two packets of sugar*, choncho ndi *less*. Pali zizindikiro zina ziwiri zomwe zimayenda limodzi ndi chimenechi. Dzina lowerengeka limalola *a* kapena *an* patsogolo likakhala limodzi, ndipo limafunsidwa ndi *how many*. Dzina loyezedwa silifuna *a*, limafunsidwa ndi *how much*, ndipo mneni wake amakhala wa chinthu chimodzi: *the water is*, osati *are*. Ngati khutu lanu silinazolowere mokwanira kuti likuuzeni, dikishonale ya ophunzira Chingerezi, monga za Oxford, Longman ndi Cambridge, imaika chilembo pafupi ndi dzina: C kusonyeza lowerengeka, U kusonyeza losawerengeka. Ambiri timatsegula dikishonale kufuna tanthauzo lokha n'kudumpha tizilembo timeneti, chonsecho ndi tomwe tikuyankha funso lathu.

Chenjerani ndi kudalira *s* wa kumapeto. Ophunzira ambiri amaloweza kuti dzina likathera ndi *s* ndiye kuti ndi *fewer*. Zimathandiza pa *bags* ndi *cars*, koma zimagwa pa *people*, *children*, *women*, *cattle* ndi *sheep*, omwe ndi mayina a zambiri opanda *s*. Timati *fewer people*, *fewer cattle*. Zimagwanso mbali inayo pa *news*, lomwe limathera ndi *s* koma ndi loyezedwa: *less news*, ndiponso *the news is good*. Kwa ife nkhani zimawerengeka bwinobwino, nkhani ziwiri, nkhani zitatu, n'chifukwa chake dzina limeneli limatigwira kawirikawiri.

Pali kagulu ka mayina komwe ndimakumana nako mobwerezabwereza m'makalata ndi m'malipoti olembedwa kwathu kuno, ndipo pafupifupi onse amatigwetsa chifukwa pa Chichewa ndi a zambiri. Malangizo ndi *advice*, zipangizo ndi *equipment*, mipando ndi matebulo pamodzi ndi *furniture*, maumboni ndi *evidence*, mauthenga ndi zidziwitso ndi *information*. Onsewa pa Chingerezi chovomerezeka salandira *s* ndipo salandira *fewer*. Munthu akalemba *fewer equipments* amakhala walakwitsa kawiri m'mawu awiri. Cholondola ndi *less equipment*. Njira yosavuta yowakumbukira ndi kuganiza za dzina lathu loti katundu. Munthu akatsika basi ndi zikwama zitatu, thumba ndi mtolo wa nzimbe, timangoti ali ndi katundu wambiri. Dzinalo limaunjika zinthu zosiyanasiyana n'kuziyesa mulu umodzi. *Furniture*, *equipment* ndi *luggage* amachita chimodzimodzi. Mukafuna kuwerenga, phwasulani muluwo mutchule zinthu zake: *fewer chairs*, *fewer machines*, *fewer suitcases*. Chimodzimodzi ntchito: *less work* koma *fewer jobs*, ndi magalimoto pamsewu: *less traffic* koma *fewer cars*.

Mayina ena amakhala mbali zonse ziwiri, ndipo apa kusankha kumasintha tanthauzo. Mayi akamadandaula kuti chitopa chadutsa ndipo m'khola mwatsala nkhuku zochepa, akunena *fewer chickens*. Mlendo akaona kuti m'mbale mwake mwaikidwa nyama ya nkhuku yochepa kusiyana ndi ya mnzake, akunena *less chicken*. Nkhuku yamoyo imawerengedwa, yophika imayezedwa. *Less time* ndi nthawi yocheperapo, *fewer times* ndi maulendo ocheperapo, monga munthu amene chaka chino wapita kumudzi kawiri pomwe chaka chatha anapita kasanu. *Less paper* ndi mapepala olembapo, *fewer papers* angakhale manyuzipepala, zikalata kapena mapepala a mayeso. *Less glass* ndi galasi la pawindo, *fewer glasses* ndi matambula. Pa mayina otere simungafunse kuti dzinali ndi la gulu liti. Funsani kuti m'chiganizo chino ndikunena chiyani.

Tsopano tiyese pa ntchito yeniyeni. Tiyerekeze mlembi wa kalabu ya alimi akulemba lipoti la chaka m'Chingerezi kupita ku bungwe lomwe limawathandiza. Chaka chatha anakolola matumba 120 a makilogalamu 50, chaka chino akolola 85. Chiganizo chake choyamba n'chakuti *We harvested less maize this year*, ndipo chili bwino, chifukwa *maize* ndi loyezedwa. Kenako akufuna kutchula matumba, ndipo dzanja, litazolowera chiganizo choyamba chija, likulemba *less bags*. Apa ndi pokonza. Chimanga ndi chomwecho, koma dzina lomwe laima pafupi tsopano ndi *bags*, ndipo matumba tawawerenga kale kuti ndi 85. Alembe *35 fewer bags of maize*. Onani kuti *maize* akadalipo m'mawuwo koma sakulamulanso. Wolamula ndi dzina lomwe *less* kapena *fewer* akulifotokoza mwachindunji.

Akupitiriza kufotokoza zifukwa. Mvula inachepa: *less rain*. Masiku a mvula anachepa: *fewer rainy days*. Feteleza anachepa: *less fertiliser*. Mamembala obwera kumisonkhano anachepa: apa ambiri amalemba *less members*, koma mamembala ali m'kaundula, aliyense ndi dzina lake, choncho ndi *fewer members*. Mlangizi wa zaulimi sanabwere kawirikawiri: *fewer visits*, ndipo zotsatira zake ndi *less advice*, osati *fewer advices*. Mpaka pano lamulo likuyenda bwinobwino.

Kenako akufika pa chiganizo chonena kuti matumba ena sanadzaze, analemera makilogalamu osakwana 50. Mlembi wathu, poti wagwira lamulo, akuganiza kuti makilogalamu amawerengeka, ali ndi nambala patsogolo, ali ndi *s* kumapeto, ndiye alembe *fewer than 50 kilograms*. Koma mwini chilankhulo anganene *less than 50 kilograms*, ndipo mabuku a galamala amagwirizana naye. Chifukwa chake n'chakuti kulemera sikudumpha kuchoka pa 49 kufika pa 50 ngati mmene mbuzi zimachitira. Thumba likhoza kulemera makilogalamu 49 ndi theka, koma m'khola simungakhale mbuzi 49 ndi theka. Makilogalamu 50 ndi muyeso umodzi wa kulemera, si zinthu 50 zoimikidwa pamzere. N'chimodzimodzi ndi mtunda, nthawi ndi ndalama. Msika uli pa mtunda wa *less than five kilometres*. Mvula inagwa kwa *less than three weeks*. Mlimi anapeza *less than 200,000 kwacha*. Mwana ali ndi zaka *less than ten years*. Ngakhale mneni amavomereza zimenezi, chifukwa pa Chingerezi amati *five kilometres is a long way*, kugwiritsa ntchito *is* ngati kuti makilomita asanuwo ndi chinthu chimodzi.

Ili ndi dzenje lomwe amagweramo anthu ophunzira bwino, amene anamva kuti *less* ndi wolakwika ndipo tsopano amamuthawa paliponse. Munthu wolemba kuti ulendo wa ku Zomba kuchokera ku Blantyre umatenga *fewer than two hours* amaoneka kuti walimbikira, koma khutu la mwini chilankhulo limamva kuuma. Ulendowo ukhoza kutenga ola ndi mphindi zingapo, ndipo *fewer than two hours* amamveka ngati maola ndi zinthu zathunthu zosagawika. Pali malo ena awiri omwe *less* amakhala pakhomo pake ngakhale pali zowerengeka. Poyamba ndi pa chinthu chimodzi: anthu ambiri amati *one less problem*, ndipo *one fewer problem*, ngakhale ena amalemba, samveka mwachibadwa. Kachiwiri ndi pa masamu, pomwe timati *3 is less than 5*, chifukwa tikuyerekeza kukula kwa manambala.

Mwina wina afunsa kuti, ngati eni ake amasakaniza, ife tivutikiranji? Funsoli n'loyenera, ndipo mbiri ya lamuloli imalipatsa mphamvu. Kugwiritsa ntchito *less* pa zinthu zowerengeka si ulesi wa masiku ano. M'buku lomwe limadziwika kuti linamasuliridwa ndi Mfumu Alfred ya ku Wessex kuchokera ku Chilatini cha m'ma 888, muli kholo la mawu oti *less* litaikidwa pa dzina lotanthauza mawu, lomwe ndi lowerengeka. Kwa zaka mazana ambiri olemba Chingerezi anachita zomwezo popanda wowadzudzula. Lamulo lomwe timaphunzira lero akatswiri amalilondola mpaka kwa Robert Baker, amene mu 1770 anasindikiza buku la ndemanga zake pa Chingerezi. Iye analemba ngati maganizo ake, kuti kwa iye *fewer* amaoneka okoma komanso oyenera ponena za chiwerengero. Olemba mabuku a sukulu amene anabwera pambuyo anatenga kukonda kwa munthu mmodziyo n'kukusandutsa lamulo, ndipo mibadwo ya aphunzitsi inalifikitsa mpaka m'makalasi athu.

Mpaka lero ku Britain nkhaniyi imautsa mapiri pachigwa. M'masitolo akuluakulu mumakhala mzere wa anthu ogula zinthu zochepa, ndipo chikwangwani chake kwa zaka zambiri chinkalembedwa kuti *10 items or less*. Osamala galamala ankadandaula kuti zinthu khumi zimawerengeka. Mu 2008 sitolo za Tesco zinalengeza kuti zikwangwani zatsopano zizilembedwa *Up to 10 items*, njira yozemba mawu onse awiri. Akatswiri ena a chilankhulo anateteza chikwangwani chakalecho, ponena kuti wogula amaona dengu lake ngati mulu umodzi, monga mmene timaonera makilogalamu 50 aja. Ine ndimaona kuti ali ndi mfundo. Wachibale wanu wokhala ku Leicester kapena ku Manchester akakuuzani kuti kumeneko amamva *less people* tsiku ndi tsiku m'basi ndi kuntchito, akunena zoona.

Komabe sindingalangize mwana wa Folomu 4 kapena munthu wolemba kalata yofunsira ntchito kuti atayirire. Chifukwa choyamba n'chodziwika. Chingerezi cholembedwa cha m'mayeso, m'manyuzipepala ndi m'maofesi chinalandira lamulo la Baker, ndipo wochonga pepala kapena wowerenga kalata yanu amayembekeza *fewer* pa zowerengeka. Kwathu kuno, kumene satifiketi ya MSCE siituluka popanda kukhoza Chingerezi, mbiri ya Mfumu Alfred siingabweze malikisi otayika.

Chifukwa chachiwiri ndi chomwe ndimachiona cholemera, pakuti chimakhudza tanthauzo. *Less* ali ndi ntchito ina yomwe *fewer* alibe: amachepetsa mphamvu ya mfotokozi. *Less expensive* ndi chotsikirapo mtengo, *less important* ndi chosafunika kwambiri. Tsono pakakhala mfotokozi pakati pa *less* ndi dzina, chiganizo chimatha kugawika pawiri. Tiyerekeze mphunzitsi wamkulu akulembera akuluakulu a maphunzilo kudandaula kuti aphunzitsi awiri oyenerera ntchito asamutsidwa ndipo sanalowedwe m'malo. Akalemba kuti *We now have less qualified teachers*, wowerenga wosamala amamva kuti aphunzitsi omwe alipo ndi a maphunziro operewera. Wanyoza anzake amene amagwira nawo ntchito, asakudziwa. Chomwe amafuna kunena ndi *We now have fewer qualified teachers*, kutanthauza kuti chiwerengero ndicho chatsika, koma otsalawo ndi oyenerera ndithu. Chimodzimodzi kuchipatala: *fewer serious cases* ndi odwala kwambiri ocheperapo, pamene *less serious cases* ndi odwala omwe matenda awo si aakulu. Lipoti la mwezi likasokoneza ziwirizi, wolandira akhoza kutumiza thandizo losayenera. Pamalo ngati amenewa, kusiyanitsa mawu awiriwa kumateteza uthenga, ndipo munthu amene anazolowera kulemba *fewer* pa zowerengeka sagwa m'vutoli n'komwe.

Onaninso kuti kulakwitsa kuli ndi mbali yolemera ndi yopepuka. *Less people* eni chilankhulo ambiri amanena, ndipo pocheza palibe amene angakuimitseni. Koma *fewer water* kapena *fewer money* palibe mwini chilankhulo amene anganene, kaya wophunzira kaya wosaphunzira. *Less* wakhala akulowa m'munda wa *fewer* kwa zaka zoposa 1,000, pamene *fewer* sanalowepo m'munda wa *less*. Choncho ngati mwaima pakati, dzina simukulidziwa gulu lake ndipo dikishonale ili kutali, *less* ndiye wosaopsa kwambiri. Ichi ndi chothawirapo polankhula. Polemba muli ndi nthawi yofufuza.

Pa maperesenti ndi magawo, yang'anani dzina lomwe likubwera pambuyo. *Less than half of the maize* alibe mkangano. Pa anthu, olemba osamala ambiri amati *fewer than half of the pupils*, ngakhale *less than half* amapezekanso m'zolemba zabwino, chifukwa theka ndi muyeso. Apa musataye tulo. Chomwe muyenera kusamala n'chakuti mawu ena awiri amatsata mzere womwewu: *number* ndi wa zowerengeka, *amount* ndi wa zoyezedwa. Amene walemba *fewer pupils* alembenso *the number of pupils*, ndipo amene walemba *less rain* alembe *the amount of rain*.

Ndimamva chisoni ndikaona mwana akukalipiridwa chifukwa cha *less books* ngati kuti wachita chinthu chopanda nzeru, pomwe palibe amene anamuonetsa kuti m'kamwa mwake muli kale *-ngati* ndi *-ngapo*. Aphunzitsi, yambirani pamenepo. Mufunseni mwanayo chifukwa chake sanena "madzi angapo", ndipo akaseka n'kuyankha kuti sizimveka, muuzeni kuti *fewer water* amamvekanso choncho kwa Mngerezi. Kenako mupatseni mayina ochepa aja omwe zilankhulo ziwirizi zimasemphana, ndalama, nkhani, malangizo, zipangizo, mipando, kuti awasunge padera. Ntchito yotsala ndi ya kuzolowera.

Inu amene muli ndi lipoti kapena kalata yoti mutumize sabata ino, musanaitseke mu envulopu fufuzani paliponse pomwe mwalemba *less*. Pezani dzina lomwe akulifotokoza, muike nambala patsogolo pake. Ikakhala bwino, ndipo simukunena za kulemera, mtunda, nthawi kapena ndalama, fufutani mulembe *fewer*.